K1,000 YA LERO NDI K1,000 YA ZAKA ZISANU: KAYESEDWE KA NCHITO ZIWIRI

Mlimi amene ali ndi ndalama m'thumba, nafuna kuzilowetsa m'nchito yoti idzambwezere phindu, kawirikawiri awerenga motere: aonkhetsa ndalama zonse zimene nchitoyo idzabweretsa, nacotsapo zimene walowetsa, ndipo nchito imene yatsala ndi zambiri ndiyo aisankha. Kuwerenga kumeneku kuli ndi cirema cimodzi. Kuyesa K1,000 yolandira caka cino ngati yolingana ndi K1,000 yodzalandira patapita zaka 5, pamene ndalama ziwirizi sizilingana konse.

Nkhaniyi si yacilendo kumudzi. Munthu wobwereka thumba la cimanga mu Febuluwale, njala itafika pacimake, adziwa kuti pokolola sadzabweza thumba limodzi lokha. Wobwereketsayo adzafuna kuonjezerapo, cifukwa anadzimana cimanga pa nthawi imene cinali cosowa. Amabanki ndi amabungwe obwereketsa ndalama za ulimi anangotenga nzeru yomweyi naisandutsa masamu. Pa mapepala ao pamaoneka malembo atatu akuti NPV, ndipo tanthauzo lake ndi phindu lotsala la nchito, ndalama zake zonse za m'tsogolo zitayesedwa pa mtengo wa lero.

NDALAMA IBALA, NDIPO KUBALAKO KUWERENGEDWA COBWERERA

Ndalama yosungidwa pamalo pamene ipatsa ciwongoladzanja ca 20 peresenti pa caka ikula motere: K1,000 isanduka K1,200 caka cikatha. Caka caciwiri ciwongoladzanja ciwerengedwa pa K1,200 yonseyo, ndipo ndalamayo ifika K1,440. Caka ciri conse ndalama iculukitsidwa ndi 1.2.

Tsono funso litembenuzidwe. Munthu wina walonjeza kudzapereka K1,200 caka camawa. Kodi lonjezo limeneli mtengo wake lero ndi wotani? Ndi K1,000, pakuti amene ali ndi K1,000 lero angathe kudzipezera yekha K1,200 imeneyo popanda lonjezo la munthu. Cimodzimodzinso K1,440 yodzabwera patapita zaka ziwiri mtengo wake lero ndi K1,000. Popita m'tsogolo ndalama iculukitsidwa ndi 1.2, ndipo pobwerera ku lero igawidwa ndi 1.2, kamodzi pa caka ciri conse codikira. Cotsala pambuyo pa kugawako ndico mtengo wa lero wa ndalama ya m'tsogolo. Peresenti imene yagwiritsidwa nchito pogawapo, monga 20 ameneyu, ndiyo mlingo wocepetsera. Mlingo ukakhala 10 peresenti, wogawira ndi 1.1, ukakhala 30 peresenti, wogawira ndi 1.3.

PAMPU KAPENA MITENGO

Nacitu citsanzo. Ziwerengero zake ndi zongoyerekeza, ndipo mlimi ali yense aikemo zake za kwao. Banja lina la ku Katete liri ndi K10,000, ndipo pali nchito ziwiri zimene lilingalira. Yoyamba ndi kugula pampu ya injini ndi mapaipi ake, yothirira matimati ndi repu kudimba m'cirimwe. Atacotsa za petulo, mbeu, feteleza, mankhwala ndi mtengo wotengera ndiwo ku msika, ayembekeza kutsala ndi K4,000 pa kutha kwa caka ciri conse, kwa zaka 5, kufikira pampuyo itatha nchito. Yaciwiri ndi kubzala mitengo ya bulugamu pa munda wogonera. K10,000 ilowa mu mbande, kukumba maenje, mankhwala a ciswe ndi kulipiriratu kapaliridwe. Kwa zaka zinai sipalowa kanthu m'thumba, koma pa kutha kwa caka cacisanu mapolo agulitsidwa K26,000.

Poonkhetsa cabe, pampu ibweretsa K20,000 ndipo mitengo ibweretsa K26,000. Mitengo ioneka yopambana ndi K6,000, ndipo ambiri akanalekera pomwepa.

Koma banjali lidziwa kuti ndalama yake ikhoza kubala 20 peresenti pa caka kwina, cotero mlingo wake ndi 20. Ndalama za pampu ziyesedwe caka ndi caka. K4,000 ya caka coyamba igawidwa ndi 1.2 kamodzi, ya caka caciwiri kawiri, mpaka ya caka cacisanu kasanu:

Caka 1: K4,000 mtengo wake lero ndi K3,333
Caka 2: K4,000 mtengo wake lero ndi K2,778
Caka 3: K4,000 mtengo wake lero ndi K2,315
Caka 4: K4,000 mtengo wake lero ndi K1,929
Caka 5: K4,000 mtengo wake lero ndi K1,608

Zonse pamodzi ndi K11,963. K10,000 yogulira pampu siigawidwa ndi kanthu, cifukwa ituluka lero lomwe. Ikacotsedwa, patsala K1,963, ndipo limeneli ndilo phindu lotsala la pampu pa mtengo wa lero.

Mitengo iri ndi ndalama imodzi yokha, koma igawidwa kasanu. K26,000 itsika kukhala K21,667, kenaka K18,056, kenaka K15,046, kenaka K12,539, ndipo potsiriza K10,449. Pocotsa K10,000 patsala K449 yokha. Nchito ija inaoneka yopambana ndi K6,000 tsopano yatsalira m'mbuyo ndi K1,514.

KODI K449 IMENEYI ITANTHAUZANJI?

Apa mpamene anthu ambiri asokonezeka. K449 si ndalama imene banjalo lidzagwira m'manja pogulitsa mapolo. Lidzagwira K26,000 ndithu. Kuti tanthauzo lake limveke, K10,000 ija iyesedwe ngati ngongole ya 20 peresenti pa caka, yosabwezako kanthu kufikira mitengo itadulidwa. Patapita zaka 5 ngongoleyo yakula kufika K24,883. Banja ligulitsa mapolo, libweza ngongole yonse, nilitsala ndi K1,117. K1,117 imeneyo ikabwezedwa ku lero pogawa kasanu ndi 1.2, ndiyo K449 ija.

Cotero phindu lotsala likakhala pamwamba pa ziro, nchitoyo yabweza ndalama yolowetsa, yalipiranso 20 peresenti ya caka ciri conse, ndipo pali kena kotsalako. Likakhala ziro ndendende, nchitoyo sinataye ndalama, koma sinaposenso cimene ndalamayo ikanabala kwina. Likatsika pansi pa ziro, mwini ndalama akanacita bwino kuisiya kumene inali, ngakhale poonkhetsa cabe nchitoyo ioneke yaphindu.

Pali njira inanso yotsimikizira kuti pampu yapambanadi. Banja likamatenga K4,000 ya caka ciri conse niliika pamalo pobala 20 peresenti, pa kutha kwa caka cacisanu lidzakhala ndi K29,766, kuposa K26,000 ya mapolo. Mphamvu ya pampu iri pa kufulumira kwa ndalama zake, pakuti ziyamba kubala zina mitengo ikali kukula.

MLINGO UKASINTHA, WOPAMBANA ASINTHANSO

Banja lina la m'mudzi womwewo lingakhale lopanda ngongole, ndipo malo abwino koposa amene lingaikeko ndalama yake apatsa 10 peresenti yokha pa caka. Kwa iwowa wogawira ndi 1.1. Ndalama zisanu za pampu zikhala K3,636, K3,306, K3,005, K2,732 ndi K2,484, pamodzi K15,163, ndipo phindu lotsala ndi K5,163. K26,000 ya mapolo itsika kufika K16,144, ndipo phindu lotsala ndi K6,144. Kwa banja limeneli mitengo ndiyo yopambana. Pampu ndi yomweyo, mbande ndi zomwezo, msika ndi womwewo. Casintha ndi mtengo wa kudikira. Nchito ziwirizi zilingana pamene mlingo uli pafupi ndi 13 peresenti. Pansi pa 13 mitengo itsogola, pamwamba pake pampu itsogola.

Banja lacitatu, lobwereka pa 30 peresenti, lipeza kuti ndalama za pampu mtengo wake lero ndi K9,742, ndipo za mapolo ndi K7,003. Zonse ziwiri ziperewera pa K10,000. Kwa iwo yankho ndi kusatenga ngongoleyo.

Cifukwa cake ncakuti mlingo uluma kwambiri ndalama yakutali. Ndalama ya caka camawa igawidwa kamodzi, ndipo kusiyana kwa 1.1 ndi 1.2 ndi kwakung'ono. Ndalama ya caka cacisanu igawidwa kasanu, ndipo kusiyanako kuunjikana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ananenetsa; koma kudekha kwa munthu wokhala ndi ngongole ya 30 peresenti kudya ndalama yambiri kuposa kudekha kwa mnzake wopanda ngongole. Nzosadabwitsa kuti anthu osamala nkhalango ndiwo anali pakati pa oyamba kulimbana ndi masamu amenewa. M'caka ca 1849 Martin Faustmann wa ku Jeremani anasindikiza njira yowerengera mtengo wa lero wa malo obzalapo mitengo, imene mwini wake adikira zaka makumi angapo asanadule.

MLINGO WOYENERA UPEZEKA KUTI?

Mlingo sutoledwa m'mutu, ndiponso subwerekedwa kwa mnansi. Ngati ndalama ndi yangongole, mlingo usatsike pansi pa mtengo weniweni wa ngongoleyo pa caka, kuphatikizapo ndalama zolembetsera ndi zina zimene obwereketsa amadula asanapereke. Wobwereka K10,000 pa 20 peresenti, nalandira K9,500 yokha m'manja, nadzabweza K12,000 pakutha caka, walipira 26 peresenti, osati 20. Ngati ndalama ndi ya mwini wake, mlingo ndi cimene ndalamayo ikanabala pa nchito ina yabwino koposa imene aisiya: kaya kubanki, kaya kugula mbuzi, kaya kuthira feteleza m'munda umene ukanalimidwa wopanda feteleza. Ndipo mwini ndalama amene ali ndi ngongole ina yosabweza akumbukire kuti kubweza ngongoleyo ndi nchitonso, yobala peresenti yomweyo imene ngongoleyo imdya.

Peresenti ya pa mwezi isasokonezedwe ndi ya pa caka. M'magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama a m'midzi, ndiponso kwa a kaloba, ciwongoladzanja cimanenedwa pa mwezi. Ngongole ya 10 peresenti pa mwezi, ikasiyidwa kuunjikana miyezi 12, isandutsa K1,000 kukhala K3,138. Imeneyo iposa 200 peresenti pa caka, ndipo palibe mtengo wa bulugamu umene ungakule msanga cotero. Ndalama yotere ndi ya malonda a masabata ocepa, si ya nchito ya zaka 5.

Kukwera kwa mitengo ya zinthu nako kufuna kusamala. M'caka ca 2021 mitengo ya zinthu m'Zambia inakwera koposa 20 peresenti pa caka, ndipo m'nyengo yotere ciwongoladzanja ca banki cikhala ndi mbali ziwiri: ina ingobwezera mphamvu imene Kwacha yataya, ina ndiyo phindu lenileni. Banki ikapatsa 25 peresenti pamene zinthu zikwera 15 peresenti, phindu lenileni lipezeka pogawa 1.25 ndi 1.15, ndipo liri pafupi ndi 9 peresenti. Lamulo lake ndi ili: mlimi akawerengera mapolo ndi matimati a m'tsogolo pa mitengo ya pa msika ya lero, agwiritse nchito mlingo weniweni, 9 uja. Akawerengera pa mitengo yokwera imene ayembekeza kudzaipeza m'zaka zimenezo, agwiritse nchito 25. Kusakaniza ziwirizi, ndiko kutenga mitengo ya lero ndi mlingo wa 25, kulanga nchito yocedwa kawiri, ndipo munda wa mitengo wabwinobwino ukanidwa popanda mlandu.

ZOLOWA M'MASAMU NDI ZOSALOWA

Masamu ngakhale akhale olondola, sangakonze ziwerengero zabodza. Ndalama yolembedwa pa caka ciri conse ikhale yotsala, zolipira zonse za caka cimeneco zitacotsedwa. K4,000 ya pampu ndiyo ndalama imene pampuyo yaonjezera, osati ndalama yonse ya kudimba. Ngati banja linali kupeza kale K1,500 pothirira ndi zitini, ndipo ndi pampu lipeza K5,500, ya pampu ndi K4,000. Munda wobzalapo bulugamu ukakhala kuti unali kupatsa mtedza, ndalama ya mtedza wotayikawo icotsedwe caka ndi caka. M'citsanzoci munda unali wogonera, ncifukwa cake sipanacotsedwe kanthu. Thukuta la pabanja nalo liri ndi mtengo, makamaka ngati dimba licotsa anthu ku nchito ina yolipidwa.

Ndalama imene inatuluka kale siilowa. Ngati banja linakumba citsime kudimba zaka ziwiri zapitazo, ndalama imeneyo inapita, pampu igulidwe kapena isagulidwe, ndipo kuilemba kungopotoza yankho. Ciwongoladzanja ca ngongole naco cisacotsedwe pa K4,000 ija, cifukwa mlingo wocepetsera wacilipira kale. Kucicotsanso ndiko kulipira ngongole imodzi kawiri pa pepala. Koma pampu ikakhala yoti ingagulitsidwe pa kutha kwa zaka 5, ngakhale ngati citsulo cabe, ndalama imeneyo ionjezedwe pa caka cacisanu.

CAKA COIPA

Ziwerengero zonse za m'tsogolo ndi ciyembekezo, ndipo alimi a m'Zambia aona mmene ciyembekezo cimaphonyera. Cirala ca nyengo ya 2023 mpaka 2024, cimene Boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu Febuluwale 2024, cinaononga cimanga m'zigawo zambiri. Mvula ikacepa cotero, madzi a kudimba nawo acepa m'cirimwe cotsatira. Ncifukwa cake pepala liwerengedwe kawiri, kaciwiriko ndi caka cimodzi coipa.

Pa mlingo wa 20, madzi akaphwa m'caka caciwiri ndipo dimba losapatsa kanthu, patayika K2,778, ndipo phindu la K1,963 lija lisanduka kuperewera kwa K815. Madzi akaphwa m'caka cacisanu, patayika K1,608 yokha, ndipo pakali phindu la K355. Tsoka ndi limodzi, koma lofika msanga lipweteka koposa. Ku mitengo, coopsa coyamba ndi ciswe pa mbande zanthete, ndi moto wolusa m'cirimwe. Koma ngakhale kucedwa cabe nkokwanira. Mapolo akapanda kufika msinkhu m'caka cacisanu, nadulidwa m'cacisanu ndi cimodzi pa mtengo womwewo, K10,449 igawidwanso ndi 1.2 nikhala K8,707, ndipo nchitoyo iperewera ndi K1,293. Phindu locepa ngati K449 pa K10,000 liri ngati mlatho wa mtengo umodzi: liwolotsa munthu pokhapo ngati palibe cotereretsa.

Ena akaona nchito yokayikitsa amakweza mlingo, monga kucoka pa 20 kufika pa 25. Njira imeneyi amabanki aigwiritsa nchito, koma kwa mlimi nkwabwino koposa kuchula coopsaco ndi dzina lake, ndi kucotsa ndalama m'caka cimene cingagwe. Kukweza mlingo kulanga makamaka ndalama zakutali, pamene ciswe cidya mbande m'caka coyamba.

ZAKA ZIKHALE ZOLINGANA

Wodziwa bulugamu anganene kuti citsanzoci calakwira mitengo, popeza citsa ca bulugamu ciphukanso ukadulidwa, ndipo mapolo aciwiri abwera popanda kugulanso mbande. Nzoona, ndipo ndalama imeneyo iyenera kulembedwa. Mphukira zikadzapatsa K26,000 ina m'caka ca 10, mtengo wake lero ndi K4,199 pa mlingo wa 20, koma pa mlingo wa 10 ndi K10,024. Komabe mitengo ikapatsidwa zaka 10, pampu nayo ipatsidwe zaka 10, ndiko kuti palembedwe K10,000 yogulira pampu yaciwiri pa kutha kwa caka cacisanu, ndi K4,000 za zaka zina zisanu. Pa mlingo wa 20, phindu la pampu yaciwiri, K1,963 ija yobwezedwa ku lero pogawa kasanu, ndi K789. Cotero pa zaka 10 pampu ifika K2,752, pamene mitengo ifika K4,648, ndipo mitengo yatsogolanso, ngakhale pa ndalama imeneyi payenera kucotsedwa za kupatulira mphukira ndi kulambula njira zoletsa moto. Pepala loyerekeza nchito ziwiri lionedwe bwino pamene lalekezera zaka, pakuti yankho lingatembenuke ndi mzere umenewo.

Cinthu cimodzi masamu amenewa sacinena. Aganiza kuti mwini nchito angathe kudikira, kapena kubwereka pa mlingo womwe uja nthawi iri yonse akasowa. Banja limene laika K10,000 yake yonse m'mitengo likhala zaka zinai zathunthu popanda ndalama yocokera kumeneko, pamene za sukulu ndi za kucipatala sizidikira. Likakakamizidwa kupita kwa a kaloba m'caka cacitatu, mlingo wake sulinso 10 kapena 20, ndipo kawirikawiri mitengo igulitsidwa yosakhwima kwa wogula woyamba kufika. Cifukwa ca ici, pambali pa phindu lotsala palembedwenso mzere wina woonetsa ndalama imene idzakhala m'nyumba caka ndi caka. Pa pampu mzerewo uonetsa kuti K10,000 yabwerera m'manja m'caka cacitatu. Pa mitengo uonetsa ziro kanai, ndipo banja liyambe laona kumene cakudya ndi za sukulu zidzacokera m'zaka zinaizo lisanakumbe dzenje loyamba.